Kolala ya shati: chinsinsi chili m'nsalu yam'munsi

Kolala ya shati ili ndi zigawo ziwiri: kansalu koimirira kozungulira khosi, kamene matelala amati sitandi, ndi tsamba lopindikira pansi. Ngati sitandi ndi yotalika masentimita 3 kumbuyo kwa khosi, tsamba likhale masentimita 4, kuti likapindika libise msoko wa m'khosi.

Tsambalo ndi nsalu ziwiri. Yam'munsi muichepetse ndi mamilimita 2 m'mphepete zitatu zakunja, ndipo posoka muziikoka pang'ono kuti ifanane ndi yapamwamba, yomatidwa sitifeni. Kukokako ndiko kumagonetsa kolala pachifuwa. Zikadulidwa zofanana, nsonga zimadzukira m'mwamba ndipo msoko umaonekera.

Poyandikira nsonga, fupikitsani masitichi. Mukafika pakona, sokani sitichi imodzi yopingasa, kenako chepetsani nsalu yotsala mbali zonse ziwiri. Potembenuza musatokose ndi sizasi, mungaboole.

Musanalumikize tsamba ku sitandi, lipindeni padzanja monga lidzakhalire pakhosi. Nsalu yam'munsi idzatulukira pang'ono. Isokeni ili pomwepo. Mukalumikiza, sitani kolala ili chopinda pa kapilo kolimba, kuti mzere wopindikira udutse pamwamba penipeni pa msoko.