Baluni ya ngongole ya galimoto: iwerengereni musanasaine

Amalawi ambiri amene ali pa ntchito zokhazikika ku Joni amagula galimoto pa ngongole ya ku banki. Ukalowa m'malo ogulitsira magalimoto ku Johannesburg, ku Durban kapena ku Cape Town, wogulitsa sachedwa kufunsa kuti, "Bwana, mungakwanitse zingati pamwezi?" Ndalama imene watchula ikachepa, amakuuza kuti palibe vuto, ayikapo baluni. Amadina pakompyuta, malipiro a pamwezi n'kutsika nthawi yomweyo, galimoto imene imaoneka yosatheka ija n'kuoneka yotheka.

Baluni ndi gawo la ngongole limene banki imalipatula n'kuliyika kumapeto kwa mgwirizano, kuti mudzalipire lonse pakamodzi. Chimene ndikufuna kuti owerenga amvetse ndi chakuti gawo limeneli silikhala chete kudikira tsiku lake. Limabala chiwongoladzanja mwezi uliwonse, ndipo chiwongoladzanjacho chimakhala kale m'kati mwa ndalama imene banki imadula ku akaunti yanu. Munthu amene wamvetsa zimenezi akhoza kuwerengera yekha china chilichonse chotsala.

Titenge chitsanzo chimodzi n'kuyenda nacho mpaka kumapeto. Galimoto ikugulitsidwa R300,000, ndipo banki ikulipira ndalama yonseyo, popanda dipoziti. Ngongole ndi ya miyezi 72, zomwe ndi zaka 6, pa chiwongoladzanja cha 12 peresenti pachaka, kutanthauza 1 peresenti pamwezi. Baluni yayikidwa pa 30 peresenti ya mtengo wa galimoto. Kupeza baluniyo n'kosavuta: 30 peresenti ya R300,000 ndi R90,000. Imeneyi ndiye ndalama imene idzakhale ikukudikirani zaka 6 zikatha.

Popanda baluni, ngongole imeneyi ikanafuna R5,865.06 mwezi uliwonse, ndipo mwezi wa 72 ukatha galimoto ikanakhala yanu popanda chotsala. Ndi baluni, malipiro a pamwezi akutsika kufika pa R5,005.54. Kusiyana kwake ndi pafupifupi R860, ndalama yoti munthu akhoza kuthira mafuta kapena kutumiza kumudzi. N'chifukwa chake anthu amavomera mosavuta.

Tsono R5,005.54 imeneyi yachokera kuti? Njira yomveka bwino ndiyo kuiona ngongoleyi ngati ngongole ziwiri zomangidwa pamodzi. Yoyamba ndi R210,000, imene mukubweza pang'onopang'ono mpaka kutha; imeneyi ikutenga R4,105.54 pamwezi. Yachiwiri ndi R90,000 ija, imene simukuikhudza n'komwe, mukungolipira chiwongoladzanja chake. 1 peresenti ya R90,000 ndi R900. Mukaphatikiza R4,105.54 ndi R900 mupeza R5,005.54 ndendende. Amene anabwerekapo ku banki m'khonde akudziwa mmene zimakhalira ukamangopereka chiwongoladzanja pa tsiku lokumana, ngongole yeniyeni ili pomwepo: miyezi imatha, ndalama imatuluka, koma m'buku dzina lako likadali ndi chiwerengero chomwe chija. R900 imeneyi, pa miyezi 72, ikukwana R64,800, ndipo mukatha kuipereka yonse, R90,000 ija imakhala isanachepe ndi senti imodzi yomwe.

Nthawi zina munthu amakhala kuti anasaina kalekale, mapepala anasowa, koma akukumbukira ndalama imene anabwereka, chiwongoladzanja, kutalika kwa ngongole ndi zimene amalipira pamwezi. Zinayi zimenezi n'zokwanira kupeza baluni, chifukwa baluni ndi ngongole imene yatsala malipiro onse a pamwezi akatha. Mukhoza kuyamba ndi cholembera. Mwezi woyamba chiwongoladzanja ndi 1 peresenti ya R300,000, ndiye R3,000. Pa R5,005.54 imene mwalipira, R3,000 yapita ku chiwongoladzanja, R2,005.54 yokha ndi imene yachepetsa ngongole, kotero kwatsala R297,994.46. Mwezi wachiwiri chiwongoladzanja chikuwerengeredwa pa yotsalayo, chikukhala R2,979.94, ndipo gawo lochepetsa ngongole likukwera pang'ono. Mukabwereza zimenezi ka 72, chotsala kumapeto ndi baluni yanu.

Palibe amene angafune kulemba mizere 72 pamanja, ndiye pali njira yachidule:

```
B = P × (1 + r)^n − M × ((1 + r)^n − 1) / r
```

Apa P ndi ndalama imene munabwereka, r ndi chiwongoladzanja cha pamwezi, n ndi kuchuluka kwa miyezi, M ndi malipiro a pamwezi. Mbali yoyamba ikunena mmene ngongole ikanakulira mukanapanda kulipira kalikonse: R300,000 kuchulukitsa ndi 1.01 ka 72 ikufika pafupifupi R614,130. Mbali yachiwiri ikunena mphamvu ya malipiro anu onse pofika tsiku lomaliza, pafupifupi R524,130. Mukachotsera, patsala R90,000. Pafoni kapena pakompyuta, mu Excel kapena Google Sheets, mzere woyamba m'munsimu umapereka baluni, wachiwiri umapereka malipiro a pamwezi:

```
=FV(12%/12,72,5005.54,-300000)
=PMT(12%/12,72,-300000,90000)
```

Cholakwika chimene anthu amachita kawirikawiri pano ndi kuyika 12 peresenti yonse m'malo mogawa ndi miyezi 12. Mukaona yankho lafika mamiliyoni osamveka, dziwani kuti vuto ndi lomwelo. Cholakwika china ndi kuyika mu M ndalama yonse imene imadulidwa ku akaunti. Ku South Africa banki imaonjezerapo ndalama yoyendetsera akaunti mwezi ndi mwezi, ndipo ena amakhalanso ndi inshulansi ya ngongole m'kati momwemo. Zimenezo sizichepetsa ngongole, choncho zichotseni musanawerengere, apo ayi baluni idzaoneka yaing'ono kuposa mmene ilili. Momwemonso P si mtengo wolembedwa pagalasi la galimoto ayi, koma ndalama yonse imene yalowa m'ngongole, kuphatikizapo ndalama yotsegulira ngongole ndi zina zimene wogulitsa anaonjezera, monga chitsimikizo chokonzera galimoto ikawonongeka.

Musanasaine, funsani mafunso awiri, ndipo mayankho ake muwaone papepala. Loyamba: 30 peresentiyo ndi ya chiyani? Ngati mwapereka dipoziti ya R30,000, ngongole ndi R270,000. 30 peresenti ya ngongoleyo ndi R81,000, pomwe 30 peresenti ya mtengo wa galimoto ikadali R90,000. Kusiyana kwa R9,000 kukuchokera pa mawu ochepa chabe a mu mgwirizano. Lachiwiri: baluni idzafunika tsiku liti, ndipo kodi mwezi umenewo mudzalipiranso malipiro a nthawi zonse? Lamulo la ngongole la dzikolo, National Credit Act la 2005, limalamula wobwereketsa kukupatsani chikalata cha mtengo wonse wa ngongole musanavomere. Pitani nacho kunyumba, muchiwerenge mutakhala pansi. Onaninso ngati chiwongoladzanja chili chokhazikika kapena choyenda ndi cha mabanki. Chikakhala choyenda, banki yaikulu ya dzikolo ikakweza chiwongoladzanja, chimene chimasintha kawirikawiri ndi malipiro a pamwezi, baluni n'kukhala momwemo. Koma kukwerako kumaluma kwambiri munthu wa baluni chifukwa ngongole yake imakhala yaikulu nthawi yonse.

Tibwerere ku R860 imene mumapulumutsa mwezi uliwonse. Popanda baluni, zonse zimene mudzapereke ku banki ndi pafupifupi R422,300. Ndi baluni, malipiro a miyezi 72 akukwana pafupifupi R360,400, kuonjezerapo R90,000, zonse pamodzi R450,400. Galimoto yomweyo yakwera mtengo ndi ndalama zoposa R28,000. Ena amati adzasunga ndalama pambali kuti tsikulo lisadzawadzidzimutse, ndipo ndi nzeru yabwino, koma tiyeni tiiwerengere. R90,000 kugawa ndi miyezi 72 ndi R1,250 pamwezi. Ngakhale ndalamayo itamapindula pang'ono mu akaunti yosungira, yoti muzisunga idzaposabe R860 imene baluni yakupepuzirani, pokhapokha akauntiyo itamapereka phindu lofanana ndi chiwongoladzanja cha ngongoleyo. Munthu amene angathe kulipira R5,005.54 n'kusunganso ndalama yoposa R1,000 pamwamba pake sanafunikire baluni n'komwe. Amene sangathe, m'maganizo mwanga, akugula galimoto yoposa thumba lake, ndipo ndi bwino atsike pa mtengo kusiyana n'kukankhira vutolo kutsogolo.

Pamene baluni imapweteka kwambiri si kumapeto kokha, koma pakatikati. Pa chitsanzo chathuchi, miyezi 36 ikatha, munthu wa baluni amakhala akadali ndi ngongole ya pafupifupi R213,600, pomwe mnzake wopanda baluni watsala ndi pafupifupi R176,600. Galimoto imatsika mtengo mwachangu m'zaka zoyambirira. Ntchito ikatha, kapena mukaganiza zobwerera kumudzi, n'kufuna kuigulitsa, mukhoza kupeza kuti ogula akupereka ndalama yochepa kuposa imene banki ikufuna, ndipo yotsalayo ituluke m'thumba mwanu. Galimoto ikabedwa kapena kuphwanyika, inshulansi imalipira molingana ndi mtengo wa galimotoyo pa nthawiyo, osati molingana ndi ngongole yanu, pokhapokha mutagula inshulansi yapadera yokwirira kusiyanako. Ife amene timakonda kupita kwathu pagalimoto mu Disembala, kudzera ku Beitbridge, Nyamapanda, Tete mpaka ku Mwanza, tikumbukire kuti ulendo umodzi wopita wokha ndi makilomita oposa 1,500, ndipo makilomita akachuluka mtengo wogulitsira umatsika. Njira yodziwira pamene mwaima ndiyo kupempha banki chiwerengero chothetsera ngongole lero, n'kuchiyerekeza ndi mtengo umene ogulitsa magalimoto angakupatseni. Chitani zimenezi kamodzi pachaka.

Abale a ku Britain akhoza kunena kuti kwawoko munthu amangobweza makiyi. N'zoona pa mgwirizano wotchedwa PCP: kampani imalonjezeratu mtengo umene galimoto idzakhale nawo kumapeto, ndipo mukhoza kuibweza osalipira ndalama yomaliza ija, malinga simunapitirire makilomita amene munagwirizana komanso galimoto ili bwino. Ku South Africa mgwirizano wotere uliko, koma ndi wosiyana ndi baluni wamba. Pa baluni wamba palibe amene walonjeza kuti galimoto yanu ya zaka 6 idzagulidwa R90,000.

Tsiku likafika, njira ndi zitatu: kulipira ndalama yonse, kugulitsa kapena kusinthitsa galimoto kuti ilipire baluni, kapena kutenga ngongole ina. Yachitatuyi si ufulu umene munasainira. Ndi pempho latsopano, ndipo banki idzaonanso malipiro anu, mbiri yanu ya ngongole, ndi chilolezo chanu chokhalira m'dzikomo ngati ndinu mlendo. Ikavomera pa 12 peresenti yomwe ija kwa miyezi 24, muzilipira R4,236.61 pamwezi, ndi chiwongoladzanja china cha pafupifupi R11,700, pa galimoto imene idzakhale ya zaka 8 pamene mukumaliza. Pempho limeneli liyambeni kutatsala miyezi itatu kapena inayi, chifukwa tsiku la baluni likadutsa musanagwirizane, banki imawerenga R90,000 yonseyo ngati ngongole yosalipidwa.