Makina Akakana Kuwerenga Chimbale, Yambani Mwamvetsera

M'nyumba zambiri mukadali zimbale za sidi ndi dividi zosunga zithunzi za ukwati kapena maphunziro a ana. Koma makina oziwerengera akukalamba, ndipo tsiku lina amangolemba kuti NO DISC, kapena kulavula chimbale chimene mwangoikamo. Musafulumire kuwataya. Phokoso limene amachita mukangotseka thireyi lingakuuzeni pamene pali vuto.

Makina abwino amatsata ndondomeko imodzi nthawi zonse. Thireyi ikalowa, chimbale chimapanidwa pakati kuti chisaterereke. Kenaka kagalasi kakang'ono kotchedwa lenzi kamakwera ndi kutsika kufunafuna chimbalecho ndi kuwala kwa leza. Kakachipeza, chimbale chimazungulira mwamphamvu, ndipo makina amayamba kuwerenga kuchokera pafupi ndi bowo la pakati kupita kunja.

Tiyerekeze kuti makina anu a dividi akoka thireyi, alira pang'ono, kenaka aitulutsanso chimbale chisanazungulire n'komwe. Apa kawirikawiri wolakwa ndi kalamba ka labala kamene kamalumikiza mota ndi magiya a thireyi. Kalambaka kakatha kamaterereka, choncho thireyi siifika kumapeto, ndipo kaswichi kouza makina kuti chitseko chatsekeka sikakhudzidwa. Makina amaganiza kuti china chapinga njira, n'kubweza thireyi. Yesani kuikankha pang'ono ndi chala pamene ikumaliza kulowa. Chimbale chikawerengeka, mwagwira mbala. Kutsuka kalambako ndi madzi a sopo n'kukaumitsa kumathandiza kwa kanthawi, koma mankhwala enieni ndi kuika kena kofanana kukula kwake.

Nanga ngati thireyi yatsekeka bwino, chimbale n'kuzungulira pang'ono, kuima, kuyambanso, mpaka makina kulemba NO DISC? Pamenepo ndiye kuti lenzi siikuona bwino. Musanatsegule kanthu, yesani zimbale zitatu zosakalika, makamaka zodindidwa ku fakitale, chifukwa zojambulidwa pa kompyuta sizibweza kuwala kokwanira. Chikakanidwa chimodzi chokha, vuto ndi chimbalecho.

Tsukani chimbale ndi madzi ofunda pang'ono ndi dontho la sopo wotsukira mbale, kenaka pukutani ndi kansalu kofewa kuchokera pakati kupita m'mphepete. Musapukute mozungulira, pakuti mkwasa wotsata mzere wa zojambulidwa umaononga zambiri motsatizana, pamene wodutsa mopingasa makina amatha kuukonza powerenga. Samalaninso mbali ya zilembo. Pa sidi, zojambulidwa zili pansi penipeni pa utoto wa zilembowo, ndipo zikakalika sizibwereranso. Chimbale chong'aluka pabowo kapena chopindika musachiikenso, chifukwa chikhoza kusweka m'kati.

Zimbale zonse zikakanidwa, tsukani lenzi. Fumbi, utsi wa mbaula ndi wa mafuta ophikira zimaichititsa khungu. Choyamba zulani pulagi ku khoma, osati kungozimitsa batani. Kuwala kwa leza yowerenga sidi sikuoneka bwino ndi maso, komabe kungathe kuvulaza diso, motero musasuzumire lenzi makina ali oyaka. Mukachotsa chivundikiro, musakhudze mbali imene chingwe cha magetsi chimalowera, chifukwa zipangizo zina pamenepo zimasunga mphamvu ngakhale mutazula pulagi.

Uzirani fumbi ndi kampira kopopera mpweya, osati ndi pakamwa. Kenaka tengani kamtengo ka thonje kotsukira m'makutu, kanyowetseni pang'ono ndi sipiriti woyera wotchedwa aisopulopilo, makamaka wa 90 peresenti kupita m'mwamba. Sisitani lenzi mopepuka kawiri kapena katatu, osadinikiza, popeza imalendewera pa timawaya tosachedwa kupindika. Dikirani mphindi 5 kuti iume, bwezerani chivundikiro, ndipo yesaninso. Sipiriti wa mtundu wa pepo amasiya utoto, ndipo parafini, petulo ndi mankhwala ochotsera utoto wa m'zikhadabo amaononga pulasitiki ya lenzi.

Pali chizindikiro china chofunika kuchidziwa. Makina a dividi amagwiritsa ntchito leza ziwiri, yofiira yowerenga dividi ndi ina yowerenga sidi. Ngati mutatsuka akuwerenga sidi zonse koma kukana dividi zonse, ndiye kuti leza imodzi yafooka. Apa kutsukanso n'kutaya nthawi. Funsani mmisiri mtengo wa mutu watsopano wa leza, ndipo muuyerekeze ndi wa makina ena musanalipire.

Chimbale chikakanirira m'kati mwa makina a pa kompyuta, musakanule thireyi ndi mpeni. Zimitsani kompyuta, dikirani chimbale chileke kuzungulira, wongolani kawaya kopanira mapepala, ndipo kalowetseni molunjika m'kabowo kakang'ono kamene kali kutsogolo. Thireyi idzatuluka pang'ono, inu n'kuikoka pang'onopang'ono ndi zala.

Akuluakulu anati kuona maso a nkhono n'kudekha. Yambani ndi chimbale, kenaka kalamba, ndipo lenzi muikhudze pomalizira.