Kuwerenga Zotsatira za Mpweya wa M'magazi: Asidosisi ndi Alikalosisi Zochokera ku Kapumidwe

Magazi oyezera mpweya amatengedwa pa mtsempha wogunda, nthawi zambiri wa padzanja pafupi ndi chala chachikulu, osati mtsempha umene amabayapo diripi. Jekeseni wake amakhala ndi mankhwala a heparini kuti magazi asaundane, ndipo amayezedwa mwamsanga. Kathovu ka mpweya kakatsalira mu jekeseniyo, manambala amanama. Pepala lotuluka m'makina limakhala ndi manambala ambiri, koma pa nkhani ino ofunika ndi atatu: pH, PaCO2 ndi HCO3.

Woyamba kuyang'ana ndi pH, imene imasonyeza kuchuluka kwa asidi m'magazi. Kwa munthu wabwinobwino imakhala pakati pa 7.35 ndi 7.45. Ikatsika kufika pansi pa 7.35, asidi wachuluka, ndipo ndiyo asidosisi. Ikapitirira 7.45, asidi wachepa, ndipo ndiyo alikalosisi. Chosokoneza ambiri n'chakuti nambala yaing'ono ndiyo ya asidi wambiri.

Kenako pamabwera funso lakuti vutolo layambira kuti, ndipo PaCO2 ndiyo imayankha. Uwu ndi mpweya wa kaboni dayokisaidi umene thupi limapanga tsiku lonse, mapapo n'kumautulutsa. Mlingo wake ndi 35 mpaka 45 mmHg. Ukasungunuka m'magazi umasanduka asidi, choncho munthu amene sakupuma mokwanira amausunga, PaCO2 imakwera, pH n'kutsika. Imeneyi ndi asidosisi ya kapumidwe, ndipo imaoneka kwa amene walandira mofini wambiri, wovulala ubongo, wofooka minofu yopumira kapena wodwala mapapo kwa zaka. Munthu wopuma mofulumira ndi mozama amataya mpweyawu mopyola muyeso, PaCO2 imatsika, pH n'kukwera. Iyi ndi alikalosisi ya kapumidwe, yobwera ndi mantha, ululu, chibayo, ngakhalenso pakati. Lamulo lake n'lakuti vuto likakhala la kapumidwe, pH ndi PaCO2 zimalowera kosiyana.

Zikatsikira limodzi, nkhani ndi ina. Wodwala shuga amene asidi wamuchulukira, kapena mwana wa malungo aakulu, amapuma mozama kuti achotse asidiyo. PaCO2 yake imakhala yotsika ndithu, koma pH nayo ndi yotsika. Mapapo akungothandiza, gwero lili kwina, ndipo kuitcha alikalosisi ya kapumidwe n'kuphonya matenda.

Nambala yachitatu, HCO3, ndi bayikaboneti, mchere umene umachepetsa mphamvu ya asidi. Mlingo wake ndi 22 mpaka 26 mmol/L ndipo impso ndizo zimauyang'anira. Impso sizifulumira: zimatenga masiku atatu kapena asanu kuti zibwezere mokwanira. N'chifukwa chake nambalayi imaulula msinkhu wa vuto. Pa asidosisi yongoyamba kumene, PaCO2 ikakwera ndi 10, bayikaboneti amakwera ndi 1 yekha, pomwe pa yokhalitsa amakwera ndi pafupifupi 4. Pa alikalosisi yatsopano, PaCO2 ikatsika ndi 10, iye amatsika ndi 2, ndipo pa yokhalitsa ndi 4 kapena 5.

Chitsanzo ndi mtsikana wa mphumu amene wafika kuchipatala akubanika, chifuwa chikulira ngati kherere. Zotsatira zoyamba zikuti pH 7.49, PaCO2 30, HCO3 22. Apa pH yakwera, PaCO2 yatsika, bayikaboneti wangosuntha pang'ono: alikalosisi ya kapumidwe yatsopano, zimene zimayembekezeka kwa munthu amene akadali ndi mphamvu zopumira mofulumira.

Patapita ola, pepala lachiwiri likuti pH 7.40, PaCO2 40. Wongoona manambala angasangalale, koma ngati mtsikanayo akupumabe movutikira, pepalali ndi loopsa kuposa loyamba. Munthu wopuma mothamanga chotero sayenera kukhala ndi PaCO2 ya 40. Ndiye kuti minofu yatopa ndipo mpweya sukutuluka. Akapanda kuthandizidwa, lachitatu likhoza kunena pH 7.26, PaCO2 60, HCO3 26. Mpweya wakwera ndi 20 kuchokera pa 40, bayikaboneti ndi 2 kuchokera pa 24, ndiye asidosisi ya kapumidwe yadzidzidzi, ndipo wodwalayo angafunike makina omupumitsa.

PaCO2 yomweyo ya 60 ingapezeke kwa bambo wachikulire amene mapapo ake anaonongeka ndi fodya, koma iye atakhala tsonga n'kumacheza, pH ili 7.34, HCO3 31. Impso zake zinazolowera kale, ndipo 60 ndi mlingo wake wa masiku onse. Kwa wodwala wotere, okosijeni wochuluka angakweze PaCO2 kwambiri, choncho amaupereka moyeza, kuti kamakina kapachala kaziwerenga pakati pa 88 ndi 92 peresenti. Akayamba kusinza ndipo pH ikutsika pomwe bayikaboneti akadali wokwera, ndiye kuti vuto latsopano lagwera pamwamba pa lakale.