Chifukwa Chake Olosera Nyengo Saona Patali

Tsiku lina madzulo tinali kumvera wailesi kunyumba yathu yogona, ndipo wowerenga nkhani anati mawa kugwa mvula. Mnzanga wina anaseka nati, "Azanyengo ngabodza. Ngati amadziwadi, atiuze lero nyengo ya tsiku lotsekera sukulu." Ine ndinasowa choyankha, koma mawuwo anandivuta mumtima, pakuti tonse a m'boma lino la Chiradzulu tikukumbukira zimene namondwe Freddy anachita m'mudzi wa Ntauchira m'chaka cha 2023. Motero ndinafunsa aphunzitsi athu a sayansi, ndinawerenganso mabuku, ndipo zimene ndinapeza ndi izi.

Choyamba tidziwe kuti olosera nyengo saombeza ula ayi. Ntchito yawo ndi masamu. Mpweya uli ndi malamulo ake: umachoka kumene wapanikizika kunka kumene wachepa, ukatentha umakwera, ukakwera umazizira, ndipo ukazizira chinyezi chake chimasanduka mitambo. Malamulo onsewa amalembeka m'masamu. Tsono ngati tidziwa mmene mpweya ulili tsopano, tingathe kuwerengera mmene udzakhalire patsogolo pang'ono.

Popeza mlengalenga ngwaukulu, akatswiri amaugawa m'mabokosi ongoganizira, monga mmene timagawira dimba m'mabedi. Bungwe la zanyengo la maiko a ku Ulaya limagawa dziko lonse m'mabokosi a makilomita 9 mbali iliyonse, osanjikizana 137 kuyambira pansi kukwera kumwamba. M'bokosi lililonse amalembamo kutentha, chinyezi, kupanikizika kwa mpweya, ndi liwiro la mphepo pamodzi ndi kumene ikupita. Manambalawa amachokera ku zipangizo za pamalo monga bwalo la ndege la Chileka, ku mabaluni, ku ndege, ku zombo, ndiponso makamaka ku masetilaiti.

Tiyeni tiyese ife tomwe ndi mphepo ya Chiperoni imene timaidziwa bwino. Tinene kuti bokosi lathu lili ndi madigiri 26, ndipo bokosi loyandikana nalo la mbali ya ku Mulanje lili ndi madigiri 20. Mphepo ikuchokera kumeneko pa liwiro la makilomita 18 pa ola. Pa mphindi 10 iyenda makilomita 3, ndilo gawo limodzi mwa magawo atatu a bokosi. Kusiyana kwa mabokosi awiriwa ndi madigiri 6, choncho bokosi lathu lizizira ndi madigiri 2, litsala ndi 24. Tikatero timatenga 24 uja ndi kuwerengera mphindi zina 10, kenaka zinanso, kufikira mawa ndi mkuja. Kompyuta imachita chomwecho m'mabokosi mamiliyoni ambirimbiri, pa kutentha, mphepo ndi chinyezi pamodzi. Ichi ndicho amachitcha modelo ya nyengo.

Nzeru imeneyi si ya dzulo. Mngelezi wina, Lewis Fry Richardson, anailongosola m'chaka cha 1922, ndipo anayerekeza kuti pangafunike anthu 64,000 owerengera ndi manja kuti nyengo isawasiye m'mbuyo. M'chaka cha 1950 makina otchedwa ENIAC ku Amereka anayesa ntchitoyi, koma kuwerengera nyengo ya tsiku limodzi kunawatengera pafupifupi tsiku lathunthu. Lero makompyuta amatha masiku khumi pa nthawi yosakwana maola awiri.

Nanga tsono bwanji saona patali? Gwero la vutoli ndi lakuti manambala oyambira sakhala olondola kwenikweni. Pakati pa Nyanja ya India zoyezera nzochepa, ndipo ngakhale chipangizo chabwino chimaphonya pang'ono. Kuwonjezera apo, zinthu zazing'ono sizioneka bwino m'bokosi la makilomita 9. Phiri lathu la Chiradzulu limangokhala ngati chulu chofwaphika, ndipo mtambo umodzi wa mabingu kompyuta imangouyerekeza. Nchifukwa chake mvula imatha kugwa ku Mbulumbuzi, ku Namitambo kuli gwa, pamene wailesi inanena mawu amodzi a boma lonse.

Munthu angaganize kuti cholakwa chaching'ono chimakhalabe chaching'ono, koma sizitero. M'chaka cha 1961 katswiri wina wa ku Amereka, Edward Lorenz, anafuna kubwereza masamu a nyengo pa kompyuta yake. M'malo molemba 0.506127 analemba 0.506 pofuna kufupikitsa. Poyamba mayankho atsopano anatsata akale, koma pang'ono ndi pang'ono anasiyana, kufikira panalibenso kufanana konse. Chifukwa chake nchakuti yankho lililonse ndilo poyambira pa lotsatira, ndipo bokosi lolakwa limapatsira anzake cholakwacho.

Akatswiri anapeza kuti cholakwa chotere chimawirikiza kawiri pa masiku awiri kapena kucheperapo. Tiyerekeze kuti lero taphonya malo a namondwe ndi makilomita 20 okha. Pa tsiku lachiwiri ndi 40, lachinayi 80, lachisanu ndi chimodzi 160, lachisanu ndi chitatu 320, ndipo lakhumi 640, ndiwo pafupifupi ulendo wochokera ku Blantyre kukafika ku Mzuzu. Ulosi wotere sungauze munthu ngati asamuke kapena akhale. Ndipo onani ichi: ngakhale titagula zipangizo zabwino zodula cholakwa choyamba pakati, tingapindule masiku awiri okha. Lorenz anaonetsa kuti pali malire, ndipo akatswiri amawaika pa masabata awiri kapena kupitirira pang'ono.

Freddy anatiphunzitsa zomwezi. Anabadwa kumayambiriro kwa February 2023 pakati pa Australia ndi Indonesia, naoloka nyanja yonse, nagunda Madagascar pa 21 February ndi Mozambiki pa 24 February. Atalowa kumtunda anafooka, ndipo kumayambiriro kwa March anabwerera kunyanja kulunjika ku Madagascar, kutipatsa ife msana. Pa nthawi imeneyo kusintha pang'ono kwa mphepo zomukankha kukadatha kumutengera kwina. Koma anatembenuka, nalimbanso, nagunda pafupi ndi Quelimane pa 11 March, ndipo masiku otsatira mapiri a chigawo cha kummwera anatsitsa matope ndi miyala. Kutatsala masabata awiri palibe akadatchula Chiradzulu motsimikiza, koma kutatsala masiku ochepa njira yake inaoneka, ndipo nthambi ya boma yoona za nyengo inachenjeza pa wailesi.

Kodi olosera amadziwa bwanji pamene ayenera kukayika? Sawerengera kamodzi kokha. Bungwe la ku Ulaya lija limawerengera maulendo 51, ulendo uliwonse litasintha manambala oyambira pang'ono. Mayankho akayendera limodzi ngati ng'ombe za khola limodzi, ulosi ngwodalirika. Akabalalika, ndiye kuti mlengalenga sunasankhe njira. Ngati 40 mwa 51 aonetsa mvula, amati mwayi wa mvula ndi pafupifupi 80 pa 100. Kawirikawiri mayankhowa amagwirizana pa masiku atatu oyamba, koma pofika tsiku lakhumi amakhala atamwazikana.

Wina adzafunsa za ulosi wa dzinja lonse umene alimi amamva mvula isanayambe. Umenewo ngwa mtundu wina. Umatsamira pa kutentha kwa madzi a m'nyanja zazikulu, kumene kumasintha pang'onopang'ono, ndipo umangonena ngati mvula idzachuluka kapena kuchepa. Sutchula tsiku.

Tsono kwa mnzanga uja ndikuti, nyengo ya tsiku lotsekera sukulu palibe angakuuze lero, ndipo amene akuuza motsimikiza ndiye wabodza. Koma azanyengo akati namondwe afika mkuja, usadikire kuti uone ndi maso. Uza makolo ako achoke m'munsi mwa phiri ndi m'mbali mwa mtsinje usiku usanagwe.

Wophunzira wa Fomu 4