Zinthu 7 zodabwitsa za lamba wa wotchi m'nyengo ya thukuta

Kutentha kwa mu Okutobala n'kosiyana ndi kwa mu Januwale. Mu Okutobala dzuwa limaswa mtengo, koma mpweya umakhala wouma, ndiye thukuta likatuluka limauma msanga. Mvula ikayamba, makamaka kuchigwa cha Shire ku Chikwawa ndi ku Nsanje, kapena m'mbali mwa nyanja ku Salima ndi ku Nkhotakota, mpweya umakhala utakhuta kale chinyezi, ndipo thukuta limasowa kolowera. Limangokhala pakhungu, ndipo pamene limakhalitsa kwambiri ndi pansi pa lamba wa wotchi. N'chifukwa chake posankha lamba wa nyengo imeneyi, kulimba kwake si nkhani yoyamba. Choyamba n'kufunsa kuti thukuta likalowa pansi pake litulukira pati, nanga lambayo angachapidwe kodi.

1. Wotchi ikhoza kukhala yosalowa madzi, lamba wake n'kukhala woopa ngakhale thukuta. Mawu oti WATER RESIST amene amalembedwa pawotchi amanena za wotchi yokhayo, osati lamba. Wachikopa ndiye amayamba kufa. Malamba ambiri otchipa, ngakhale olembedwa GENUINE LEATHER kunsi kwake, si chikopa chimodzi chathunthu. Amakhala ndi kachikopa kopyapyala pamwamba, kena pansi, ndipo pakati amaikapo chinthu chofufumitsa, zonse n'kuzimata ndi guluu. Thukuta limalowera m'mabowo ndi m'mphepete, n'kufewetsa guluuyo. Likauma limasiya mchere m'kati, mcherewo n'kumaumitsa chikopa. Mukafuna kudziwa kuti lamba wayamba kutha, yang'anani bowo limene mumamangira tsiku ndi tsiku: limada, limatalika, kenako pamabwera mng'alu wopingasa. M'mphepete namo mumayamba kuyasama.

Fungo lija anthu amati "chikopa chikununkha" silichokera m'chikopamo ayi. Ndi mabakiteriya amene akudya mafuta ndi litsiro la khungu zimene chikopa chamwa, ndipo poti zalowa m'kati, kupukuta pamwamba sikuthandiza kwenikweni. Choipa kwambiri n'chimene ambiri amathamangira: kuyanika lamba wonyowa padzuwa kapena pafupi ndi mbaula. Akauma mofulumira chotero amakhala gwa, ndipo mukam'pinda amathetheka. Muumitseni pamthunzi podutsa mphepo. Kum'tsekera m'dilowa ali wonyowa nakonso n'kuitana chuku. Amene sangasiyane ndi chikopa akhale ndi malamba awiri osinthanitsa, kuti wina azipuma tsiku lathunthu, koma kunena zoona chikopa n'cha mu Juni ndi Julaye.

2. Chitsulo chosachita dzimbiri chili ndi nikelo wambiri, koma si chimene chimayabwitsa anthu ambiri. Nikelo ndi chitsulo chimene chimavutitsa khungu la anthu ochuluka kuposa zitsulo zina. Chitsulo cha 316L, chimene amapangira matcheni a mawotchi abwino, chimakhala ndi nikelo pakati pa 10 ndi 14 peresenti, ndipo cha 904L chimene kampani ya Rolex imagwiritsa ntchito chili ndi wopitirira 20 peresenti. Komabe anthu ambiri amavala zimenezi popanda vuto, chifukwa nkhani si kuchuluka kwa nikelo m'chitsulo, koma kuchuluka kwa amene akutuluka n'kufika pakhungu. Lamulo la mayiko a ku Ulaya la mu 1994 linaika malire pa zomwezo, pa nikelo wotuluka. M'chitsulo chabwino, kromiyamu amapanga kachikuto kosaoneka ndi maso kamene kamatsekera nikeloyo m'kati.

Vuto lili pa mawotchi onyezimira otchipa, amene m'kati mwake ndi chitsulo wamba chongokutidwa pamwamba. Thukuta lili ndi mchere komanso kaasidi pang'ono, ndiye limadya chokutiracho, nikelo n'kuyamba kusungunukira pakhungu. Ngati m'kati muli mkuwa, mkono umabiriwira. Tembenuzani wotchi muwerenge kumbuyo. Mawu oti STAINLESS STEEL BACK akutanthauza kuti chivundikiro chakumbuyo chokha ndicho chitsulo chabwino, kwinako ayi. Oti ALL STAINLESS STEEL ndiwo akunena wotchi yonse.

3. Tcheni sichitanuka, chimadyeka ndi litsiro. Wotchi yatcheni ikakalamba, mfundo zake zimalekana n'kumagwedera, ndipo anthu amati yatanuka. Chitsulo sichinatanuke. Fumbi losakanikirana ndi thukuta limalowa pakati pa mfundo, ndipo mkono ukamagwedezeka limapala timapini tolumikiza mfundozo pang'onopang'ono, ngati mmene phulusa limakwechera poto. Litsiro lomwelo ndi limene limasiya mzere wakuda pamkono ndi pakhafu ya shati yoyera. Mankhwala ake ndi mswachi wakale, sopo ndi madzi ofunda, kamodzi pa sabata m'nyengo yamvula, kenako kutsukuluza ndi kupukuta. Ngati simukukhulupirira kuti wotchiyo silowa madzi, chotsani tcheni muchitsuke pachokha. Mukachotsa, onaninso timapini tiwiri togwirizira lamba kuwotchi. Tili ndi sipuling'i m'kati imene imachita dzimbiri mosaoneka, ndipo kapini kotchipa kameneka kakathyoka wotchi yonse imagwa.

Kusiya zimenezi, tcheni chabwino n'chovuta kuchiposa pa chinyezi, chifukwa sichimwa kanthu ndipo mpweya umadutsa m'mipata yake. Chofunika n'kukumbukira kuti mkono umatupa pang'ono kukatentha, moti tcheni chimene chinali bwinobwino m'mawa chimafinya masana. Pachotsekera chake pamakhala timabowo ting'onoting'ono m'mbali. Kusuntha kapini bowo limodzi kumakwanira, osachita kuwonjezera mfundo.

4. Lamba walabala akhoza kuthetheka ali m'dilowa, osavalidwa n'komwe. Dzina loti labala timatchulira zinthu zingapo zosiyana. Malamba akuda a mawotchi ngati Casio F-91W, imene inatuluka mu 1989, ndi a poliyurethini. Chinthu chimenechi chimadyedwa ndi chinyezi cha mumpweya momwemu: madzi amadula pang'onopang'ono timaunyolo timene timachigwirizitsa, ndipo kutentha kumafulumizitsa ntchitoyo. Ndiye wotchi imene mwaisunga zaka kuti isathe, tsiku loitulutsa mupeza lamba akunata kapena akuduka mukangom'pinda. Pogula wotchi yakale, pindani lamba pafupi ndi wotchiyo muone ngati pakuoneka timing'alu.

Silikoni alibe nthenda imeneyi. Ndi wofewa, saopa madzi, koma amakoka fumbi ndi ulusi wa zovala, ndipo akangochekeka pang'ono amang'ambika mpaka kumapeto. Wolimba pa onse ndi FKM, labala wa mtundu umene amapangira zotsekera mafuta m'mainjini. Ndi wolemererako ndiponso wodula, koma sasamala za thukuta, mafuta kapena dzuwa.

Onsewa ali ndi chilema chimodzi: sapuma. Thukuta sililowa mwa iwo, komanso silituluka pansi pawo. Opanga malamba a Tropic, amene anatchuka ndi osambira pansi pa nyanja m'zaka za m'ma 1960, anaboola timabowo m'lamba monse. Pogula, tembenuzani lamba muone kunsi: wa timabowo kapena timigula ndi wabwino kuposa wosalala amene amamatirira khungu.

5. Mankhwala othamangitsa udzudzu amadya pulasitiki. Ambiri mwa mankhwala odzola amenewa ali ndi DEET, amene amafewetsa mapulasitiki ena. Akhoza kuwononga lamba wapoliyurethini ndi kuchititsa khungu galasi la wotchi ngati ndi lapulasitiki. Nayiloni ndi chitsulo saziwononga. Vulani wotchi musanadzole, dikirani aume, sambani m'manja, kenako valani.

6. Lamba wa NATO sanapangidwe ndi bungwe la NATO. Anachokera ku unduna wa zachitetezo wa ku Britain mu 1973, ndipo asilikali ankamutchula G10 potengera fomu imene ankalemba pokam'tenga kusitolo ya zida. Ndi nayiloni mmodzi wautali amene amadutsa kunsi kwa wotchi, kupyola timapini tonse tiwiri, moti kapini kamodzi kakathyoka wotchi imatsala ikulendewera pa kenako. Amanyowa ndithu, ndipo pa chinyezi amakhalitsa asanaume, komanso amanunkha mukam'lekerera. Ubwino wake ndi woti amasololedwa popanda chida chilichonse, n'kuchapidwa ndi sopo usiku, m'mawa n'kukhala atauma. Chikopa sichingalole zimenezi.

Pali m'bale wake amene sadziwika kwambiri, Perlon, wa nayiloni wa mtundu umene Paul Schlack anatulukira ku Jeremani mu 1938. Ameneyu ndi wolukidwa motayana, mpweya umadutsa, ndipo alibe mabowo: lilime la chomangira limalowa paliponse m'zolukamo. Mkono ukatupa masana mumangomasula pang'ono chabe, m'malo modumpha bowo lathunthu. Kwa ine, ameneyu ndiye lamba wa ku Nsanje. Wansalu ya thonje mupeweni, chifukwa thonje limasunga madzi nthawi yaitali kuposa nayiloni.

7. Totupa ta pamkono timaulula chimene chatiyambitsa, mukayang'ana pamene tatulukira. Tiyerekeze munthu wakabaza ku Salima, amene wavala wotchi yalabala mwezi wa Januwale, ndipo pamkono payamba kuyabwa. Iye aganiza kuti labala sagwirizana naye. Asanataye lambayo, aone kaye maonekedwe a totupato. Ngati tazungulira mkono motsata lamba yense, kawirikawiri vuto ndi thukuta ndi sopo zimene zatsekeredwa pansi pake. Amasamba m'manja wotchi ili pamkono, thovu limalowa kunsi, silitsukuluzika, ndipo khungu lofewa ndi chinyezi limakhuzika ndi lamba tsiku lonse. Avule wotchi mpaka khungu lipole, atsuke lamba, ndipo akayambanso kuvala amasule bowo limodzi kuti nsonga ya chala chaching'ono izilowa pansi pake. Usiku azivula, ndipo akasamba azipukuta mkono ndi lamba yemwe.

Koma ngati totupato tili malo amodzi okha, kachigamba pamene pamakhudza chomangira chachitsulo kapena kabwalo kofanana ndi kumbuyo kwa wotchi, ndipo timabwerera pomwepo nthawi iliyonse akavala, wokayikiridwa ndi nikelo. Apa kuchapa sikuthetsa vuto, ndipo kugula lamba wina walabala wokhala ndi chomangira cha chitsulo chomwecho n'kutaya ndalama. Ngati ndi kumbuyo kwa wotchi, lamba wa NATO amathandizako poti amakhala pakati pa chitsulo ndi khungu, ngakhale naye ali ndi mphete zachitsulo zofunika kuziona. Ngati ndi chomangira, afune chapulasitiki kapena chataitaniyamu. Totupa totuluka madzi kapena tosapola ngakhale wotchi yavulidwa n'tofunika kukationetsa kuchipatala. Popita kogula lamba watsopano, ayeze ndi lula mpata wa pakati pa nyanga ziwiri za wotchi: mawotchi ambiri a amuna amakhala a mamilimita 18, 20 kapena 22, ndipo lamba wochepa ndi milimita imodzi yokha amasiya kapini poyera, pamene kangakodwe n'kufwamphuka.