MAI WAPAKATI AYENERA KUONJEZA MAKILO ANGATI PA MWEZI?

Kumidzi kwathu mai wapakati akamapita kucipatala kukapimidwa timangoti wapita ku sikelo. Dzinali linacokera pa cinthu coyamba cimene namwino amacita, ndico kumkweza maiyo pa sikelo ndi kulemba kulemera kwake pa kadi. Azimai ambiri amabwera nayo kadi ija kunyumba osadziwa tanthauzo la manambala olembedwapo, ndipo ena amagona ndi nkhawa poona kuti mnzao wa mimba ya miyezi yofanana wanenepa kuposa iwo.

Mfundo yofunika kuigwira ndi iyi: nambala ya tsiku limodzi siuza munthu zambiri. Cimene namwino amayang'ana ndico ngati kulemerako kukukwera mwezi ndi mwezi, makamaka kuyambira mwezi wacinai.

KULEMERA KUMAPITA KUTI?

Mai wa thupi lapakatikati, amene sanali woonda kapena wonenepa kwambiri asanaime, amayembekezeka kuonjeza makilo apakati pa 11.5 ndi 16 pa miyezi yonse isanu ndi inai. Muyeso umenewu unaikidwa ndi bungwe la akatswiri a zamankhwala la ku Amereka mu 2009, ndipo maiko ambiri amautsata. Muyesowo umanenanso kuti mai amene anali woonda kwambiri afunika makilo 12.5 mpaka 18, wonenepa afunika 7 mpaka 11.5, pamene wonenepa kopitirira amkwanira 5 mpaka 9. Woyembekezera mapasa amaonjeza koposa apa.

Makilo onsewa sali a mwana yekha ai. Mwana wobadwa pa nthawi yake amalemera makilo atatu kapena kupitirirako pang'ono. Nsengwa imene imamdyetsa m'mimba imaposa theka la kilo, madzi omzinga amayandikira kilo imodzi, ndipo ciberekero naco cimakula kufikira pafupifupi kilo imodzi. Magazi a mai amaculuka ndi kilo imodzi ndi theka, mawere amakula, ndipo thupi limasunga madzi ena. Otsalawo, makilo atatu kapena anai, ndiwo mafuta amene thupi limakundika ngati cimanga m'nkhokwe, kuti lidzatapemo pa nthawi yoyamwitsa.

MWEZI NDI MWEZI

Pa miyezi itatu yoyamba kulemera kumakwera pang'ono cabe, kuyambira theka la kilo mpaka makilo awiri pa miyezi itatu yonseyo. Nthawi imeneyi mwana akali wamng'ono ndithu, pakuti pomatha mwezi wacitatu utali wake suposa cala ca munthu wamkulu. Azimai ambiri amavutika ndi mseru ndi kusanza m'mawa, kotero ena saonjeza kanthu, ena amatsika ndi kilo imodzi. Izi pazokha sizipweteka mwana malinga ngati mai akumwa madzi ndipo cakudya cina cikukhazikika m'mimba.

M'mwezi wacinai mseru umayamba kutha, cilakolako ca cakudya cimabwerera, ndipo mai amaonjeza kilo imodzi kapena iwiri. Kuyambira mwezi wacisanu kufikira wacisanu ndi citatu ndiyo nthawi imene sikelo iyenera kuyenda mosalekeza: kilo imodzi ndi theka mpaka makilo awiri mwezi uliwonse, ndiko kunena pang'ono kucepera theka la kilo pa sabata. Mai amene anali wonenepa kale amkwanira kilo imodzi kapena kuposerako pang'ono pa mwezi. M'mwezi wotsiriza kukwerako kumazirala, ndipo pa sabata imodzi kapena ziwiri zomaliza sikelo ikhoza kuima osaonjeza. Zimenezi ndi zacibadwa.

Azimai ambiri a kumidzi safika pa makilo 11.5, komabe amabereka ana amphamvu. Cotero mai asadzidandaulitse cifukwa ca kupereweza kilo imodzi kapena ziwiri pa muyeso. Cizindikiro coyenera kucitapo kanthu ndi ici: ngati mimba yapitirira miyezi itatu, ndipo mai waonjeza zosakwana kilo imodzi pa mwezi wathunthu, kapena waima, kapena watsika, namwino ayenera kufufuza cifukwa cake.

CITSANZO CA KADI IMODZI

Tiyerekeze kuti pali mai wina wa thupi lapakatikati amene ankalemera makilo 53 asanaime. Waima mu Juni, atatha kukolola, ndipo wayamba sikelo kumapeto kwa Ogasiti ali ndi makilo 54. Mu Sepitembala sikelo ionetsa 55.5, mu Okutobala 57.5, mu Novembala 59. Kufikira pamenepa zonse zili bwino, pakuti mwezi uliwonse waonjeza kilo imodzi ndi theka kapena makilo awiri.

Mu Disembala, mwezi wacisanu ndi ciwiri wa mimba, sikelo ionetsa 59.5. Waonjeza theka la kilo lokha pa nthawi imene anayenera kuonjeza makilo awiri. Namwino wodziwa nchito yake sathamangira kumuopseza. Ayamba wafunsa ngati sikelo yake ndi yomwe ija ya mwezi watha, pakuti masikelo awiri akhoza kusiyana ndi kilo yathunthu. Aonanso ngati mwezi watha mai anakwera atavala juzi ndi nsapato, kapena atangodya kumene nsima.

Zikakhala kuti sikelo sinaname, namwino apima mimba ndi tepi kuyambira pa fupa la pacinena kufikira pamwamba pa ciberekero. Pa miyezi isanu nsonga ya ciberekero imafika pa mcombo, ndipo kuyambira sabata ya 24 masentimita a tepi amayenderana ndi masabata a mimba, kusiyana kwake kosaposa awiri kapena atatu. Ngati mai uja ali pa masabata 30 ndipo tepi yaonetsa masentimita 29, mwana akukula bwino ngakhale mai sanaonjeze. Koma tepi ikaonetsa 25, namwino amtumiza kukaunikidwa ndi makina kuti aone kukula kwa mwanayo. Amayesanso kunenepa kwa mkono pakati pa phewa ndi cigongono. Mkono wocepera masentimita 23 umasonyeza kuti mai sakudya mokwanira.

Pofunsa bwino, cifukwa cimapezeka. Disembala ndi mwezi wobzala ndi kupalira. Mai uja akulawirira kumunda m'mimba mulibe kanthu, akubwerako dzuwa litapendeka, natunga madzi, natola nkhuni, ndipo akudya kamodzi patsiku cifukwa ufa wayamba kucepa. Zimene akudya zikuthera pa khasu. Poyeza magazi apezekanso ndi tizirombo ta malungo ngakhale thupi silikutentha. Apatsidwa mankhwala, mwamuna wake aitanidwa ndi kuuzidwa kuti nchito yolemetsa aigawane ndi abale. Mu Januwale sikelo ionetsa 61, mu Febuluwale 63. Mai ameneyu waonjeza makilo 10 okha, kupereweza pa muyeso, koma kuima kwa sikelo kunaoneka msanga ndipo kulemera kunayambanso kukwera. Akanalumpha sikelo ya Disembala ndi ya Januwale cifukwa ca kupalira, palibe akanadziwa.

ZIMENE ZIMAIMITSA SIKELO

Malungo ndiwo mdani wobisala. Tizirombo take timadziunjika mu nsengwa ndi kucepetsa cakudya copita kwa mwana, ndipo mai akhoza kukhala nato osamva kudwala. N'cifukwa cake kucipatala amapereka Fansida kuyambira mwezi wacinai kwa azimai oyenera kumwa, pamodzi ndi masikito ogonamo. Njoka zam'mimba zimayamwa magazi, ndipo mankhwala ake amaperekedwa miyezi itatu yoyamba itapita. Cifuwa cacikulu, kacirombo koyambitsa Edzi pamene munthu sakumwa mankhwala ake, ndi kutsegula m'mimba kwa nthawi yaitali nazonso zimaondetsa. Mtsikana amene waima akali wamng'ono amafunika cisamaliro coposa, popeza thupi lake lomwe likali kukula ndipo likulimbirana cakudya ndi mwana.

Palinso azimai amene amadzimana cakudya dala, poopa kuti mwana akakula kwambiri adzavuta pobadwa. Ena amaletsedwa mazira ndi zakudya zina potsata miyambo. Kudzimana sikufewetsa kubereka. Kumafooketsa mai, ndipo mwana akhoza kubadwa wosakwana makilo awiri ndi theka. Mwana wotere amazizidwa msanga, amayamwa mofooka ndipo matenda amamgwira mosavuta.

COCITA PAKHOMO

Mai wapakati safunika kudya mbale za anthu awiri. Cimene afunika kuyambira mwezi wacinai ndico cakudya cimodzi coonjezera patsiku pamwamba pa zimene banja limadya. Phala lothira nsinjiro asanapite kumunda, nshawa zokazinga zodzaza dzanja, dzira lowiritsa, nthoci ziwiri, kandolo kapena dzungu, zonsezi zikwanira. Pa nsima pazikhala nyemba, kapenta, soya kapena ndiwo zamasamba zotendera, ndipo mafuta pang'ono m'ndiwo amaonjeza mphamvu popanda kudzaza mimba. Pa miyezi yotsiriza, pamene mwana wapanikiza cifu, ndi bwino kudya pang'onopang'ono kasanu patsiku kusiyana ndi mtanda waukulu kamodzi.

Mapiritsi oonjezera magazi amwedwe tsiku ndi tsiku, koma osati ndi tiyi, pakuti tiyi amaletsa thupi kulandira bwino mankhwalawo. Mowa ndi fodya zimacepetsa kukula kwa mwana, ndipo mai wapakati azileke.

Pali zizindikiro zina zosayenera kudikira tsiku la sikelo. Mai amene akusanza ciliconse ngakhale madzi, mkodzo wake wacepa ndi kuda, ndipo akuwa cizungulire, apite kucipatala tsiku lomwelo. Cimodzimodzinso amene akumva kuti mwana wacepetsa kugunda. Ndiponso si kukwera konse kwa sikelo kumene kuli kwabwino: mai akaonjeza makilo awiri pa sabata imodzi, nkhope ndi manja zitatupa, mutu ukuwawa kapena maso akucita cidima, amenewo ndi madzi, ndipo kawirikawiri amabwera ndi kuthamanga kwa magazi kumene kungathe kumgwetsa ndi kukomoka.

Mu 2016 Bungwe la Zaumoyo la Dziko Lonse linalangiza kuti mai wapakati azionana ndi azaumoyo kasanu ndi katatu, ulendo woyamba ukhale miyezi itatu isanathe. Ulendo woyambawo ndiwo umapereka nambala imene ena onse adzayerekezedwa nayo. Woyamba sikelo pa miyezi isanu ndi umodzi sangadziwe makilo amene waonjeza. Tsono inu amai, mukatsika pa sikelo funsani namwino kuti mwaonjeza zingati kuyambira ulendo watha. Ndipo inu abambo, kadi ikabwera kunyumba iyang'aneni. Ngati nambala ya mwezi uno ikufanana ndi ya mwezi watha, khasu ndi mtolo wa nkhuni zicoke m'manja mwa akazi anu, ndipo ulendo wotsatira muwaperekeze.