Mukaiwala kulemba ndalama zina pa fomu ya msonkho ku Mangalande

Amalawi ambiri okhala ku Mangalande sadalira ntchito imodzi. Masana ali kosamalira okalamba, Loweruka akuluka tsitsi, usiku wina akuperekera anthu chakudya panjinga. Ndalama zikamalowera makomo atatu chonchi, n'chapafupi kuiwala khomo limodzi podzaza fomu ya msonkho ya pachaka, imene bungwe lotolera misonkho la HMRC limaitcha Self Assessment.

Tiyerekeze mayi wina wa ku Leeds. Pa ntchito yolembedwa amalandira mapaundi 26,000 pachaka, ndipo abwana amamudula msonkho asanamupatse malipiro. Kuluka tsitsi kunamupindulira mapaundi 2,000, analemba bwinobwino pa fomu ya chaka choyamba pa 6 Epulo 2024 n'kutha pa 5 Epulo 2025, nalipira mapaundi 400. Patapita miyezi, akuyang'ana sitetimenti ya kubanki, akupeza kuti ganyu yoperekera chakudya inamubweretsera mapaundi 4,500, ndipo pa fomu ija palibe pamene anaitchula.

Lamulo limam'patsa mpata wokonza. Fomu ya pa intaneti ya chaka chimenecho imayenera kufika pasanadutse pa 31 Januwale 2026, ndipo munthu ali ndi miyezi 12 kuchokera pa tsikulo, kutanthauza mpaka pa 31 Januwale 2027. Miyeziyi sawerengera pa tsiku limene mwiniwake anatumiza fomu, ayi. Amalowa mu akaunti yake ya msonkho, n'kufika pamene palembedwa "Tax return options", n'kusankha chakacho, kuwonjezera gawo la bizinesi yachiwiri, kenako n'kutumizanso fomu yonse. Apa ndi pamene ena amaphonya: amasintha manambala n'kutseka foni osatumiza, pomwe ku HMRC kudakali fomu yakale. Ndipo amene wangotumiza fomu dzulo ayenera kudikira maola 72 asanaikonze.

Tsono masamu. Msonkho sadula pa mapaundi 4,500 onse koma pa phindu. Tinene kuti kukonzetsa njinga, inshuwalansi ndi foni zinadya mapaundi 1,000, ndipo malisiti alipo. Phindu ndi 3,500. Gawo la ndalama losadulidwa msonkho, lomwe ndi mapaundi 12,570, linathera kale m'malipiro a kuntchito, choncho phindu lonseli likudulidwa mapaundi 20 pa 100 alionse. Ngongole yatsopano ndi mapaundi 700, kuphatikizapo chiwongoladzanja, chimene chimayambira pa 31 Januwale 2026 pomwe paja, osati tsiku lokonza fomu.

Chodzidzimutsa chili kutsogolo. Msonkho wa pa fomu tsopano wakwana mapaundi 1,100. Ukapitirira 1,000, ndipo wodulidwa kuntchito n'kukhala wosafika magawo 80 pa 100 a msonkho wonse, HMRC imafuna munthu alipiriretu za chaka chotsatira, kawiri: pa 31 Januwale ndi pa 31 Julaye. Kwa mayiyu, ndi mapaundi 550 ulendo uliwonse. Si chindapusa, koma kwa munthu amene amatumizanso fizi kumudzi mwezi ndi mwezi, kupweteka kwake n'komweko.

Nanga bwanji osangokhala chete? Kuyambira mu Januwale 2024, makampani oyendetsa malonda ndi maganyu pa intaneti amasunga mbiri ya zimene aliyense wapeza n'kuitumiza ku HMRC. Ndipo chilango chimatengera amene wayamba kulankhula. Wolakwitsa chifukwa chosasamala akhoza kulipitsidwa mpaka magawo 30 pa 100 a msonkho wotsalawo. Akadziulula yekha, chindapusacho chikhoza kutsika mpaka ziro. Akadikira kalata ya HMRC, sichitsika kupitirira magawo 15. Wobisa dala nkhani yake ndi ina: chikhoza kufika pa msonkho wonsewo, ndipo akhoza kumufukulira za zaka 20 zapitazo, pomwe wosasamala amamubwerera zaka 6.

Miyezi 12 ija ikatha, pa intaneti fomuyo sikonzekanso. Munthu amalembera kalata HMRC, kapena kuulula kudzera pa "Digital Disclosure Service".

Kwa mlendo pali chinanso. Boma la Britain linakanizapo anthu chilolezo chokhazikika chifukwa ndalama zimene anauza a zolowa ndi kutuluka zinkasiyana ndi zimene anauza HMRC, ena mwa iwo atakonza kale mafomu awo. Mu 2019 khoti la apilo, pa mlandu wa Balajigari, linagamula kuti munthu ayenera kupatsidwa mpata wofotokoza asanamutche wachinyengo. Choncho pokonza fomu, sungani sitetimenti ya kubanki, malisiti ndi kalata yachidule yonena tsiku limene munazindikira cholakwacho ndi chimene chinachititsa.